Geini ikugwa pa 80 kHz pamene tranzisita ndi ya 300 MHz

Mphatso

Moni nonse. Ndamanga siteji imodzi ya komoni emita pa buredibodi ndi tranzisita ya 2N3904, ndipo zimene ikuchita zikundizunguza mutu. Magetsi ndi a 12 V, rezisita ya ku kolekita ndi ya 4.7 kΩ, ya ku emita ndi ya 1 kΩ ndipo ili ndi kapasita ya 47 µF pambali pake yopita ku giraundi, pamene besi ndaikhazika ndi marezisita a 62 kΩ ndi 10 kΩ. Karenti ya kolekita ili pafupi ndi 1 mA. Sensa imene ndidzalumikize ili ndi rezisitansi ya pafupifupi 10 kΩ, choncho poyesa ndaika rezisita ya 10 kΩ pakati pa jenereta ndi kapasita yolowera ku besi, kuti zifanane ndi momwe zidzakhalire.

Pa 10 kHz zonse zili bwino: ndikalowetsa 20 mV ndikupeza 0.76 V pa kolekita, kutanthauza geini ya 38. Koma pofika pa 80 kHz siginolo yatsika kale kufika pa 0.54 V, ndipo pa 400 kHz, pamene ine ndikufunira geini ya 30, ndikungopeza 0.15 V. Pepala la opanga likunena kuti fT ya tranzisitayi ndi 300 MHz. Nanga zikutheka bwanji kuti igonje isanafike n'komwe pa 100 kHz? Chonde amene mukuzidziwa bwino ndithandizeni.

Yohane

Achimwene, vuto lotere kawirikawiri limakhala makapasita aang'ono. Ikani yolowera ku besi ya 10 µF, ndipo ya ku emita muikweze kufika pa 470 µF, mudzaona kuti siginolo sidzatsikanso.

Tadala

A Yohane, makapasita mukunenawo amadula mafirikwensi apansi, osati apamwamba. Kapasita ya 47 µF ku emita ikudula cha m'ma 60 Hz, ndipo firikwensi ikamakwera imangochita ngati waya. Zoona, ya elekitirolitiki ili ndi karezisitansi kake m'kati ndipo n'kwabwino kuiikira ya 100 nF pambali, koma zimenezo sizingagwetse geini kuchoka pa 38 kufika pa 7.

Ine ndikukayikira pulobu ya osilosikopu. Ngati yaikidwa pa `×1`, pulobu pamodzi ndi chingwe chake zimasenzetsa kolekita kapasitansi ya 100 pF kapena kuposa, ndipo 100 pF pa 4.7 kΩ ikudula pa 340 kHz yokha. A Mphatso, taonani kaswichi ka pa pulobu.

Mphatso

Zikomo a Tadala. Pulobu ili pa `×10`, ndipo pa thupi lake palembedwa 15 pF. Ndawerengera ndi 4.7 kΩ ndipo zikupereka kuposa 2 MHz, ndiye si imeneyo yokha.

Bambo Chisale

A Mphatso, mwafotokoza bwino, ndipo manambala mwaperekawo ndi okwanira kuti tipeze yankho tisanagwire waya aliyense. Tiyambe ndi fT, chifukwa ndi imene yakusokonezani. Nambala imeneyo imayezedwa kolekita itamangidwa kuti volteji yake isagwedezeke, ndipo imangonena firikwensi imene geini ya karenti imatsika kufika pa 1. Komanso 300 MHz ya 2N3904 ndi ya pa 10 mA, osati pa 1 mA. M'siteji yanu kolekita ikugwedezeka kwambiri, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pakati pa besi ndi kolekita pali kapasitansi yaing'ono, imene m'mawerengedwe timailemba Cμ, ndipo pa pepala la 2N3904 mudzaipeza ngati Cobo, yosaposa 4 pF pa 5 V. Tiyerekeze kuti yanu ndi 3 pF. Kapasitansi imeneyi ili ndi mwendo umodzi pa besi ndi wina pa kolekita, ndipo komoni emita imatembenuza siginolo: besi ikakwera, kolekita imatsika. Pa 1 mA, gm ndi 1 mA kugawa ndi 26 mV, zimene ndi 38.5 mS, ndipo mukachulukitsa ndi 4.7 kΩ mupeza geini ya pafupifupi 180 kuchokera pa besi kufika pa kolekita. Tsono besi ikakwera ndi 1 mV, kolekita imatsika ndi 180 mV, ndipo volteji ya pakati pa miyendo iwiri ya kapasitansiyo imasintha ndi 181 mV. Chaji yonse yofunika kuti isinthe chotero imadutsira mbali ya besi, ndipo amene amaipereka ndi gwero lanu la siginolo. Zili ngati kuthira madzi m'ndowa imene pansi pake pamatsika ndi zala 180 nthawi iliyonse imene madzi akwera ndi chala chimodzi: wothirayo amaona ngati ndowayo ndi yaikulu kuwirikiza 181. Kwa gwero lanu, 3 pF ikuoneka ngati 543 pF yopita ku giraundi. Zimenezi zimatchedwa ndi dzina la John Miller, amene anazifotokoza mu 1920 poyeza mavavu a tirayodi, kalekale matranzisita asanabwere.

Pamwamba pa 543 pF tionjezerepo kapasitansi ya pakati pa besi ndi emita, Cπ, imene pa karenti yanu ingakhale cha m'ma 20 pF. Imeneyi sichulukitsidwa, chifukwa emita yanu ili chete pa giraundi. Chotsala n'kupeza rezisitansi imene ikudyetsa kapasitansi yonseyi. Pa besi pakumana njira zitatu: 10 kΩ ya gwero, marezisita awiri okhazika besi amene pamodzi ndi 8.6 kΩ, ndi rπ ya tranzisita, imene ndi 3.9 kΩ ngati beta ili 150. Zitatuzi zili mu palaleli ndipo zikupereka 2.1 kΩ.

```
Cin = Cπ + Cμ(1 + gm·RC) = 20 pF + 3 pF × 181 ≈ 563 pF
fH  = 1 / (2π × 2.12 kΩ × 563 pF) ≈ 133 kHz
```

Mwaona kuti tafika kale pafupi ndi 80 kHz yanu, ndipo 300 MHz ija sinalowemo paliponse.

Tadala

Bambo Chisale, ndikumva mfundo yanu, koma pali pamene sindikugwirizana napo. A Mphatso ayeza okha geini ya 38, osati 180. Bwanji osachulukitsa 3 pF ndi 39? Tikatero tikupeza 117 pF, ndipo podulira pangakhale kupitirira 500 kHz. Ndiye mwina Miller si wolakwa wamkulu pano.

Bambo Chisale

Funso lanu ndi loyenera, ndipo ambiri amapunthwa pomwepa. Geini ya 38 ndi yochokera ku jenereta, kuseri kwa rezisita ya 10 kΩ. Rezisita imeneyo pamodzi ndi 2.7 kΩ imene siginolo imapeza polowa m'siteji zimagawana volteji, kotero kuti pa 20 mV ija, ndi 4.2 mV yokha imene imafika pa besi. Tranzisita imakulitsa 4.2 mV imeneyo kufika pa 0.76 V, ndipo kumeneko ndi kuwirikiza 180. Kapasitansi ya Cμ siidziwa za jenereta. Imangoona volteji ya pa miyendo yake iwiri, besi ndi kolekita, choncho geini yoyenera kuchulukitsa nayo ndi ya pakati pa malo awiri amenewo basi. N'chifukwa chake siteji ya a Mphatso ikupweteka kawiri: ikulipira kapasitansi ya geini ya 180, koma ikungolandira phindu la geini ya 38.

Mphatso

Tsopano zikuyamba kumveka. Komabe 133 kHz ndi 80 kHz zikusiyana ndithu. Kusiyanaku kukuchokera kuti? Kodi n'kutheka kuti tranzisita yanga ndi yoonongeka?

Mayi Nabanda

Ayi mwanawe, tranzisita yoonongeka sikanakupatsani geini yokongola chonchi pa 10 kHz. Tayang'anani buredibodi yanuyo. Miyendo ya 2N3904 imandandalikana emita, besi, kolekita, ndiye mukaibaya monga yabwerera, besi ndi kolekita zimakhala m'mizere iwiri yoyandikana. Pansi pa pulasitikiyo mzere uliwonse ndi kachitsulo kotalika ngati mabowo asanu, ndipo tizitsulo tiwiri toyang'anizana chotero tili ndi kapasitansi ya cha m'ma 2 pF. Pamalo ena alionse 2 pF si kanthu, koma apa yakhala pakati penipeni pa besi ndi kolekita, ndipo nayonso ikuchulukitsidwa ndi 181. Werengeraninso ndi 5 pF m'malo mwa 3 pF: mupeza 925 pF, ndipo podulira pakutsika kufika pa 81 kHz. Kumeneko ndi kumene inu muli.

Musangokhulupirira mawu anga, yesani. Tengani kapasita ya 10 pF, muiike kaye kuchokera pa besi kupita ku giraundi, muone podulira. Kenako muisamutse yomweyo, muiike pakati pa besi ndi kolekita. Ngati ndi Miller, kuika koyamba sikusintha chilichonse chooneka, koma kwachiwiri kudzagwetsa podulira kufika pansi pa 30 kHz. Njira ina ndi kuyeza pa besi penipeni: siginolo ya pamenepo iyenera kuyamba kutsika pa firikwensi yomweyo imene ya pa kolekita ikutsikira, pamene kuwirikiza kwa pakati pa ziwirizi kukhalabe pafupi ndi 180. Musaope kuti pulobu isokoneza muyeso, chifukwa 15 pF pamwamba pa 925 pF ndi yochepa zedi.

Mphatso

Mayi Nabanda, ndachita zonse monga mwanenera. Kapasita ya 10 pF kupita ku giraundi sinasinthe kanthu kooneka pa osilosikopu. Nditaiika pakati pa besi ndi kolekita, podulira panatsika kufika pa 27 kHz, ndipo sindinayembekezere kuti kakapasita kakang'ono chotero kangachite zimenezi. Pa besi siginolo ndi yaing'ono ndipo mzere wake ndi wokhuthala ndi phokoso, koma zikuoneka bwino kuti ikufota firikwensi ikamakwera.

Ndachitanso china. Ndapinda mwendo wa kolekita kuti udumphe mzere umodzi, ndipo mzere wosiyidwawo ndaulumikiza ku giraundi. Tsopano podulira pali pafupifupi 120 kHz. Zakwera, koma 400 kHz idakali patali. Ndikuganiza zoika rezisita ya 100 Ω ku emita yopanda kapasita pambali, kuti geini ya pakati pa besi ndi kolekita itsike, kuchulukitsako kuchepe. Kodi njira imeneyi ingandifikitse?

Bambo Chisale

Podulira padzakwera, koma simudzapeza zimene mukufuna, ndipo ndikufuna muone chifukwa chake, pakuti apa ndi pamene pali phunziro lenileni la siteji imeneyi. Ndigwiritsa ntchito manambala a poyamba, a 5 pF, kuti tiyerekeze ndi miyeso munapereka ija.

Mukaika 100 Ω, geini ya besi kufika kolekita ikhala 4.7 kΩ kugawa ndi 126 Ω, imene ndi 37. Kapasitansi yooneka pa besi itsika kufika cha m'ma 194 pF, ndipo kumeneko ndi kutsika kwakukulu. Koma rezisitansi yolowera m'tranzisita nayo ikwera kufika pafupi ndi 19 kΩ, choncho rezisitansi yonse ya pa besi ikwera kuchoka pa 2.1 kΩ kufika pa 3.7 kΩ, ndipo gawo lina la phindu lanu lithera pomwepo. Podulira pafika cha m'ma 200 kHz, pamene geini yochokera ku gwero itsika kufika pa 14. Tsopano chulukitsani. Poyamba munali ndi 38 ndi 80 kHz, zimene zikupereka 3 MHz. Tsopano muli ndi 14 ndi 200 kHz, zimene zikupereka 2.8 MHz. Mwangosinthanitsa geini ndi firikwensi, ndipo pa 400 kHz siginolo yanu ikhala pafupifupi yomwe ija.

Si mwangozi. Mukadutsa podulira, pafupifupi karenti yonse yochokera ku gwero imasiya kulowa m'besi ndi m'marezisita, n'kumadutsa mu Cμ kupita ku kolekita. Besi imakhala ngati yaima, karenti imakhala volteji ya gwero kugawa ndi Rs, ndipo volteji ya pa kolekita imakhala karenti imeneyo kuchulukitsa ndi riyakitansi ya Cμ. M'mawerengedwe amenewa gm mulibe, beta mulibe, ngakhale rezisita ya ku kolekita mulibe:

```
geini × fH ≈ 1 / (2π × Rs × Cμ) = 1 / (2π × 10 kΩ × 5 pF) ≈ 3.2 MHz
```

Ndiye mungakweze karenti, mungasinthe 4.7 kΩ, mungasankhe tranzisita ya beta yaikulu, mzere wotsetsereka uja, umene umatsika ndi 20 dB firikwensi ikawirikiza kakhumi, sudzasuntha. Mudzangosankha malo amene geini yanu ikukumana nawo. Inu mukufuna 30 pa 400 kHz, kutanthauza 12 MHz mwinanso kuposa, ndipo ngakhale ndi 3 pF imene muli nayo tsopano denga lanu ndi 5.3 MHz. Njira zenizeni ndi zitatu zokha: kuchepetsa Cμ, kuchepetsa rezisitansi imene ikudyetsa besi, kapena kuletsa kolekita ya tranzisita yolowera kuti isagwedezeke.

Limbani

Ngati nkhani ndi Cμ, ine sindikuona chifukwa chovutikira. Pali matranzisita a wailesi monga BF199 amene kapasitansi yawo ya besi ndi kolekita siikwana 1 pF. Chotsani 2N3904, ikani imeneyo, muotcherere pa bodi yeniyeni, nkhani yatha. Njira zina ziwirizo zifuna kuonjezera matranzisita ena, kumene ndi kuchulukitsa malo olakwika.

Mayi Nabanda

A Limbani sakunama, bola mawu akuti bodi yeniyeni asaiwalike, chifukwa pa buredibodi 2 pF ija imeza phindu lonse. Tiyerekeze kuti tranzisita ndi mawaya pamodzi zafika pa 0.7 pF. Kuchulukitsa ndi 181 ndi 127 pF, kuonjezera 20 pF ndi 147 pF, ndipo mukaphatikiza ndi katundu wa pa kolekita podulira pakhala cha m'ma 400 kHz. Zikukwanira, koma mwamwayi: pa firikwensi yogwirira ntchito siginolo yatsika kale ndi 3 dB, geini ili cha m'ma 27, ndipo feizi yachedwa ndi madigiri 45. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti podulira pamenepo pakutsamira pa kachigawo ka pikofaradi kamene sikafanana pa matranzisita awiri, ndipo kamasintha ndi volteji. Cμ ndi kapasitansi ya jankishoni yotsekedwa, imakula kolekita ikayandikira besi, n'kuchepa ikatalikira. Siginolo ikakhala yaikulu, podulira pamasuntha m'kati mwa saikulo imodzi, ndipo mawonekedwe a siginolo amapotoka.

Ndinenepo za kumbali yanga. Pokonza maampulifaya a mawu ndimakumana ndi kapasita yaing'ono, mwina ya 47 pF kapena 100 pF, yoikidwa dala pakati pa besi ndi kolekita ya siteji yokweza volteji. Opanga amaiika kuti ichite zomwezi zikuvutitsa a Mphatso, ndiye kuti igwetse geini msanga ndi mwadongosolo, ampulifaya isayambe kulira yokha ikapatsidwa fidibaki. Amasankha yaikulu kuposa Cμ ya tranzisita kuti kusinthasintha ndanena kuja kusamveke. Mu opu ampu ya 741 muli ya 30 pF yogwira ntchito yomweyo. Ndinalandirapo ampulifaya imene wina anaichotsa kapasita imeneyi poganiza kuti mawu apamwamba amveka bwino, ndipo matranzisita otulutsira ankatentha popanda nyimbo iliyonse, chifukwa inkalira pa firikwensi imene khutu silimva.

Mphatso

Pofuna kutsimikiza za rezisitansi ya gwero, ndachotsa 10 kΩ ija n'kulumikiza jenereta ya 50 Ω mwachindunji, nditachepetsa siginolo kuti besi ilandire mamilivoti ochepa ngati kale. Ndi 563 pF ndi 50 Ω ndimayembekezera 5.7 MHz, koma ndapeza pafupifupi 1.2 MHz. Kodi lamulo la Miller lalephera apa?

Bambo Chisale

Mwafika kumalire a njira yachidule ija, ndipo n'kwabwino kuti mwawaona ndi maso anu. Pochulukitsa Cμ ndi 181 tinkaganiza kuti geini ya besi kufika kolekita ikhalabe 180 mpaka podulira, ndiponso kuti chochedwetsa chachikulu ndi cha ku besi chokha. Ndi 2.1 kΩ zimenezo zinali zoona ndithu, koma ndi 50 Ω si zoonanso, pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, m'kati mwa tranzisita muli rezisitansi pakati pa mwendo wa besi ndi jankishoni yeniyeni, ya maomu makumi angapo. Pamene gwero linali la makiloomu sinkaoneka, koma pambali pa 50 Ω ingathe kuwirikiza kawiri rezisitansi yonse. Tiyerekeze kuti pamodzi ndi 100 Ω, ndiye ndi 563 pF tikupeza nthawi ya 56 ns. Chachiwiri ndi chimene a Tadala anatchula poyamba paja, ndipo tsopano nthawi yake yakwana. Pa kolekita pali 15 pF ya pulobu ndi 3 pF ya Cμ, imene kuchokera mbali imeneyi imaoneka pafupifupi monga ilili, ndipo 18 pF pa 4.7 kΩ ndi 85 ns. Njira yodalirika ndi kuphatikiza nthawi zonsezi, kenako n'kutembenuza: 56 ns ndi 85 ns ndi 141 ns, ndipo 1 kugawa ndi 2π × 141 ns ndi 1.1 MHz. Kuphatikiza kotere kumapereka nambala yotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi yeniyeni, choncho 1.2 MHz yanu ikugwirizana nazo. Apa wolamulira ndi kolekita, ndipo gawo lalikulu ndi chida chanu choyezera.

Tadala

Ndiye pa 50 Ω pulobu ndi imene ikutsogolera, koma pa 10 kΩ 85 ns yomweyo ikungoonjezera pang'ono pa nthawi yoposa 1 µs. Zamveka. Nanga njira yachitatu munatchula ija, yoletsa kolekita kugwedezeka, imatheka bwanji popanda kupha geini?

Bambo Chisale

Imeneyo ndi kasikodi, ndipo pa vuto la a Mphatso ndi imene ine ndingasankhe. Mumadula waya wa pakati pa kolekita ndi rezisita ya 4.7 kΩ, n'kuikapo 2N3904 yachiwiri: emita yake ku kolekita ya yoyamba, kolekita yake ku 4.7 kΩ, ndipo besi yake mumaikhazika pa volteji yosasuntha, tinene 4 V, ndi marezisita awiri komanso kapasita ya 100 nF yopita ku giraundi. Kolekita ya tranzisita ya pansi tsopano ikuyang'ana emita ya ya pamwamba, imene rezisitansi yake pa 1 mA ndi 26 Ω yokha. Geini ya volteji ya tranzisita ya pansi ikhala 38.5 mS kuchulukitsa ndi 26 Ω, imene ndi 1, kotero kuti Cμ ikuchulukitsidwa ndi 2 m'malo mwa 181. Karenti ya siginolo siitayika, imadutsa m'tranzisita ya pamwamba n'kukafika ku 4.7 kΩ monga kale, ndipo geini yonse ikhalabe pafupi ndi 38. Tranzisita ya pamwamba ili ndi Cμ yake ndipo kolekita yake ikugwedezeka kwambiri, koma mwendo wina wa kapasitansiyo uli pa besi yomangidwa ku giraundi, ndiye palibe chochulukitsa.

Popeza kolekita ya pansi ikhala pa 3.3 V, pafupi ndi besi yake, Cμ ikula pang'ono, tinene 4 pF. Kapasitansi yonse ya pa besi ikhala cha m'ma 30 pF, ndipo ndi 2.1 kΩ ikudula pa 2.5 MHz. Ku kolekita ya pamwamba 85 ns ija idakalipo, ikudula pa 1.9 MHz. Ziwirizi pamodzi zikupereka podulira popitirira 1 MHz, ndipo pa 400 kHz mudzangotaya magawo atatu kapena anayi pa 100 alionse. Mtengo wake ndi malo ogwedezekera: kolekita ya pamwamba singatsike kupitirira cha m'ma 4 V, koma kwa siginolo yosakwana 1 V zimenezo si vuto. Kapasita ya 100 nF ija ikhale ndi miyendo yaifupi pafupi ndi besi, chifukwa besi imeneyo ikayamba kugwedezeka, kasikodi imatha kulira yokha pa mafirikwensi apamwamba kwambiri.

Limbani

Ngati tikuvomereza tranzisita yachiwiri, ine ndingaiike kutsogolo ngati emita folowa, osati pamwamba. Imasandutsa gwero la makiloomu kukhala la maomu cha m'ma 60, ndipo ndi 563 pF zimenezo ndi 34 ns chabe. Komanso kugawana volteji kuja kumene kumataya magawo anayi mwa asanu a siginolo kumachepa kwambiri, ngati marezisita okhazika besi ya folowayo ali aakulu. Mumatsala ndi geini yoposa 100, imene mungaigulitse ndi rezisita ya ku emita kuti mupeze siginolo yosapotoka. Kasikodi imasiya besi ikulandira 4 mV kuchokera pa 20 mV, ndipo phokoso la tranzisita likupikisana ndi siginolo yofooketsedwa kale.

Bambo Chisale

Mfundo ya geini yotayika ndi yoona, a Limbani, ndipo sindingaitsutse. Chimene ndimachenjera nacho n'chakuti emita folowa yodyetsedwa ndi gwero la rezisitansi yaikulu imaoneka ngati ili ndi indakitansi potulukira, ndipo mukaisenzetsa mapikofaradi mazana angapo imatha kupanga kaphiri pa geini kapena kunjenjemera pa siginolo ya sikweya. Zimachiritsika ndi rezisita yaing'ono, koma zimafuna kuyesa. Pa za phokoso, tiyenera kuyeza tisanagamule, chifukwa 10 kΩ ya gwero nayo ili ndi phokoso lake, ndipo karenti ya besi ikamadutsa m'rezisitansi yotere imaonjezera lina m'njira zonse ziwiri.

Mphatso

Ndamanga kasikodi, ndabwezeretsa 10 kΩ, ndipo geini ndi 37 mpaka kudutsa 300 kHz, podulira pali pafupifupi 1.3 MHz. Zikomo kwambiri nonse. Koma pabuka china. Sensa idzakhala patali ndi bodi, ndiye ndaika chingwe cha kowakisi cha RG-58 chotalika mita imodzi pakati pa 10 kΩ ndi siteji, ndipo podulira patsika kufika pansi pa 600 kHz. Pa siteji yoyamba ija chingwe chomwechi sichinkasintha zambiri.

Mayi Nabanda

Chingwe chimenecho chili ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, ndipo yagwera pa besi penipeni. Kale inkabisala kuseri kwa 925 pF, koma tsopano ndi yaikulu katatu kuposa ya siteji yonse. 130 pF pa 2.1 kΩ ndi 270 ns, ndiye 580 kHz musanawerengere za ku kolekita. Kasikodi singathandize pamenepa, chifukwa kapasitansi imeneyi ndi yeniyeni, siyochulukitsidwa.

Limbani

Apa ndiye folowa ndi yofunika, koma ikhale kumutu kwa chingwe, pafupi ndi sensa, kuti chingwe chidyetsedwe ndi maomu ochepa, ndipo muikepo rezisita ya 47 Ω potulukira kuti isanjenjemere. Ikakhala kumeneko, funso ndi lakuti kasikodi ikufunikanso kapena ayi. Ine ndikuti ayi.

Tadala

Zitengera ngati magetsi angafike ku sensa. A Mphatso, kodi pali waya wachitatu wopita kumeneko, kapena ndi kowakisi yokha? Komanso 10 kΩ ya sensayo munaiyeza pa 400 kHz, kapena ndi ya pa mita wamba? Ngati sensa ili ndi kapasitansi yakeyake, 2.1 kΩ imene takhala tikuwerengera isintha, ndipo tiyenera kuwerengeranso mbali ya besi ndi nambala yeniyeniyo.